Jakisoni wochititsa dzanzi pozula dzino: zimene odwala mtima ayenera kudziwa

Anthu ambiri kuno ku Chipata amafika kwa dokotala wa mano dzino litawasowetsa tulo kwa masiku angapo. Asanazule kapena kumata dzinolo, dokotala amabaya jakisoni m'nkhama kuti pamalopo pachite dzanzi. Kawirikawiri m'kabotolo kagalasi kamene amalowetsa m'jakisonimo mumakhala mankhwala awiri. Oyamba ndi lidokeni, amene amaletsa ululu. Achiwiri ndi adirenalini wochepa kwambiri, ndipo ameneyu ndi amene munthu wa matenda a mtima kapena othamanga magazi ayenera kumudziwa.

Mmene amagwirira ntchito

Ululu wa dzino umafika ku ubongo kudzera m'mitsempha yonyamula uthenga. Kuti uthengawo uyende, timibowo ta pamtsemphapo timatseguka n'kulowetsa mchere wotchedwa sodiyamu. Lidokeni amatseka timibowoto, uthenga n'kuthera panjira. N'chifukwa chake mumamva kuti dokotala akukankha ndi kugwedeza dzino, koma kupweteka simukumva.

Vuto la lidokeni n'lakuti amakulitsa mitsempha ya magazi, ndiye magazi amamukokolola msanga. Akakhala yekha, dzanzi la m'kati mwa dzino limatha pakangopita mphindi 5 mpaka 10. Adirenalini amafinya timitsempha ta magazi ta pamene abayapo, mankhwala n'kukhazikika pomwepo. Pamenepo dzino limakhala ladzanzi pafupifupi ola lathunthu, mlomo ndi tsaya maola atatu kapena kuposa. Magazi otuluka pabala amachepanso.

Pamene mtima umalowera m'nkhaniyi

Adirenalini si wachilendo m'thupi. Ndi yemwe uja amakugunditsani mtima mukakumana ndi njoka m'munda. Adirenalini wina wobayidwa m'nkhama amalowa m'magazi pang'onopang'ono, ndipo amatha kufulumizitsa mtima n'kuupatsa ntchito yambiri. Mtima wabwino suvutika nazo. Mtima wofooka kapena wa mitsempha yothina ndiye umafunika kuusamala.

Komabe musathamangire kunena kuti, "Ine ndibayeni opanda adirenalini." Jakisoni akapanda kugwira bwino, ululu ndi mantha zimachititsa thupi kutulutsa adirenalini wakewake, amene angathe kuposa wa m'kabotolo kaja, ndipo ameneyo palibe angamuyeze kapena kumuletsa. Kwa odwala mtima ambiri amene matenda awo akhazikika ndi mankhwala, dzanzi lokwanira ndi limene limateteza mtima. Nkhani yagona pa mlingo.

Mlingo umene madokotala ambiri amatsatira ndi uwu: munthu wamkulu wathanzi asapitirire mamayikulogalamu 200 a adirenalini paulendo umodzi, pamene wodwala mtima alekezere pa 40. Mayikulogalamu ndi kamuyezo kakang'ono kwambiri koyezera mankhwala. Kabotolo ka mamililita 1.8 kolembedwa 1:100,000 kamakhala ndi mamayikulogalamu 18, choncho tiwiri tikadali m'kati mwa malire. Kolembedwa 1:80,000 n'kamphamvu pang'ono, kali ndi 22.5, ndipo tiwiri tathunthu tadutsa kale malire a 40 aja. Palinso timabotolo tokulirapo ta mamililita 2.2. Kuwerengera zimenezi ndi ntchito ya dokotala, koma sangawerengere matenda amene simunamuuze.

Tiyerekeze ndi mayi mmodzi

Tinene kuti mayi wa zaka 60 wachokera ku Chadiza ndi dzino lotafunira la m'munsi lobooka. Wanyamula khadi lake la kuchipatala ndi timapepala ta mankhwala onse amene amamwa. Dokotala akuona kuti pakati pa mankhwalawo pali puropuranololo, mankhwala a mtima ndi a kuthamanga kwa magazi.

Apa m'pamene kunyamula timapepala kwapindula. Adirenalini amagwira mbali ziwiri: amafinya mitsempha ina ya magazi, ina n'kuimasula. Puropuranololo amatseka mbali yomasulayo, n'kutsala yofinya yokha. Adirenalini akachuluka, magazi amatha kukwera mwadzidzidzi pamene mtima ukugunda pang'onopang'ono. Mankhwala a mtundu womwewo otchedwa atenololo sachita zimenezi kwenikweni, ndiye kungonena kuti "ndimamwa a mtima" sikukwanira. Dzina lenileni likufunika.

Dokotala akuyeza magazi a mayiwo n'kupeza 150/90. Akwera ndithu, koma ntchito ingathe kuchitika. Akulowetsa singano kumapeto kwa nsagwada ya m'munsi, ndipo asanakankhe mankhwala akuyamba wakokera m'mbuyo pang'ono. Magazi akaonekera m'kabotolo ndiye kuti singano ili mumtsempha wa magazi, ayenera kuisuntha. Kachitidwe kakang'ono kameneka n'kofunika kwambiri, pakuti adirenalini wolowa mwachindunji m'magazi amafika kumtima nthawi imodzi. Magazi sanaoneke, choncho akukankha kabotolo kamodzi ka 1:80,000 modekha, kwa mphindi yathunthu kapena kuposerapo. Akudikira mphindi zisanu n'kuyezanso magazi ndi kugunda kwa mtima. Sizinasinthe kwenikweni. Mayi akuti, "Adokotala, mlomo wam'munsi walemera, ndi lilime mbali imodzi." Chimenecho ndi chizindikiro chakuti mankhwala afika pamtsempha woyenera. Dokotala akuwonjezera theka la kabotolo kumbali ya tsaya. Onse pamodzi akwana mamayikulogalamu pafupifupi 34, pansi pa 40.

Dzanzi likanakhala losakwanira, akanawonjezera mankhwala opanda adirenalini monga mepivakeni, ngati alipo. Ndipo ngati mano ozula ndi angapo, kuli bwino kubwera maulendo awiri ngakhale thiransipoti ikhale yodula.

Mankhwala ena oyenera kutchula ndi amitiriputilini, amene amawonjezera mphamvu ya adirenalini, ndi digokisini, amene pamodzi ndi adirenalini angasokoneze kagundidwe ka mtima. Ngati mumamwa wafarini kapena asipirini, mankhwala oletsa magazi kuundana, nenani, koma musasiye nokha. Mankhwala anu a mtima ndi a magazi imwani m'mawa wa tsikulo monga mwa masiku onse, ndipo idyani kanthu musanabwere.

Pamene dzino liyenera kudikira

Pali nthawi zina zimene dokotala adzakupatsani kaye mankhwala ochepetsa ululu n'kukutumizani kwa dokotala wa matenda anu. Adzatero ngati magazi afika pa 180/110 kapena kuposa, ngati chifuwa chimakupwetekani ngakhale mutangokhala kapena kupwetekako kwayamba kubwera pafupipafupi, ngati mukuchita phuma mukagona chagada ndipo miyendo yatupa, ngati mtima ukudumphadumpha osakhazikika, kapena ngati munadwala mtima mwadzidzidzi kapena kuchita sitiroko posachedwapa. N'chimodzimodzi amene chithokomiro chawo chimagwira ntchito mopitirira ndipo sichinakhazikike. Tikudziwa kuti zimawawa kubwezedwa mutayenda ulendo wautali dzino likupweteka, koma chonde musapite kukazulitsa kwa munthu amene sayeza magazi. Ngati tsaya latupa kufika pakhosi kapena pansi pa diso, kapena mukulephera kumeza, kumeneko si kodikira. Pitani kuchipatala chachikulu tsiku lomwelo.

Zimene mungamve mutabayidwa

Ena amamva mtima ukugunda mwamphamvu, manja akunjenjemera, thukuta likutuluka. Kawirikawiri zimatha pakapita mphindi zochepa, chifukwa thupi limamuphwanya msanga adirenalini. Uzani dokotala kuti aime kaye ndi kukuyezani. Zimenezi sizitanthauza kuti thupi lanu limadana ndi mankhwalawo. Kudana kwenikweni sikuchitikachitika, ndipo kumaoneka ndi zidzolo zoyabwa, kutupa nkhope kapena kubanika.

Koma mukamva chifuwa chikufinya ngati mwaikidwa mwala, ululu ukutsikira kumkono wamanzere, mutu ukuwawa koopsa mwadzidzidzi kapena mpweya ukuperewera, kwezani dzanja nthawi yomweyo, ngakhale dzino likhale litazulidwa theka. Zikakuchitikirani mutafika kale kunyumba, musadikire kuti kuche. Pitani kuchipatala chapafupi, ndipo mukawauze kuti mwabayidwa jakisoni wa mano ndi nthawi imene anakubayani.