Mchape wa ku Mulanje: makolo sanangokhala chete amishoni atabwera

"Amishoni atafika, makolo athu anangotaya za makolo n'kulowa m'tchalitchi." Anatero mnyamata wina pa Chitakale, ndipo zinandipweteka, chifukwa nkhani yotsutsa zimenezi inayambira konkuno.

Mu 1911 boma la atsamunda linaletsa mwavi ndi kulozana ufiti. Amishoni ambiri ankati ufiti kulibe, koma anthu ankaferedwabe, mantha osatha, kopita kulibe. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1930, nthawi ya mavuto a ndalama, kunabuka Mchape, gulu logawa mankhwala ochotsa ufiti. Ogawa mankhwalawa ankati anachokera kwa Kamwende wa ku Mulanje, amene ankamunena kuti anafa n'kuukanso.

Mvetserani mmene ankachitira. Ankavala zachizungu, ndipo asanayambe ankalalikira kaye ngati mlaliki, akutchula Mulungu. Mudzi wonse unkaima pamzere, aliyense n'kudutsa kumbuyo kwa munthu wogwira galasi. Woganiziridwa ufiti ankauzidwa kuti atulutse nyanga zake. Kenaka onse ankamwa mankhwala ofiirira, ndi chenjezo lakuti wobwerera ku ufiti adzafa. Mwavi unkatha kupha pompo. Mchape unkati umachapa, munthu n'kukhalabe pamudzi. Komabe si onse anapeza mtendere, poti wolozedwa ankasenza manyazi ngakhale ali wosalakwa.

Kuuka kwa akufa ndi ulaliki anazitenga kutchalitchi, vuto lomwe ankalimbana nalo linali lamakolo. Akhristu ambiri anamwa nawo ngakhale abusa ankaletsa. Pofika 1934, Mchape unali utafika kwa Abemba ku Northern Rhodesia, komwe lero ndi ku Zambia.