Mphindi 45 si 0.45 ya ola

"Sabata ino ndagwira maola 42 ndi mphindi 45. Ndingolemba 42.45 n'kuchulukitsa ndi K1,200 ya pa ola?"

Ayi, mukatero mudzibera nokha. Ola lili ndi mphindi 60, pamene manambala a kumanja kwa kadontho amawerengera pa 100. Gawani mphindizo ndi 60: 45 ÷ 60 = 0.75. Maola anu ndi 42.75, malipiro K51,300. Mukalemba 42.45 mupeza K50,940, K360 yapita, chifukwa mphindi 18 zasowa.

Phatikizani kaye mphindi za sabata yonse, mugawe kamodzi pomaliza. Mphindi 20 zimatuluka 0.333 wosatha, ndiye mukamadula nambalayo tsiku lililonse, timakobidi timathothoka pang'onopang'ono.