Chifukwa chake Pasaka wa 2019 sanatsatire mwezi umene tinauona kumwamba

Chaka chilichonse pamene tikukonza kalendala ya mapemphero, pamapezeka wina wofunsa chifukwa chake Khirisimasi sisuntha pa 25 Disembala pomwe Pasaka amangoyendayenda. Yankho lofala ndi lakuti Pasaka amakhala Lamulungu loyamba pambuyo pa mwezi wathunthu umene umatsatira tsiku limene usana ndi usiku zimalingana kutalika. Yankholi ndi loona pa zaka zambiri, koma limabisa mfundo yaikulu, yakuti tsiku lolinganalo ndiponso mwezi wathunthuwo ndi za m'mabuku a mpingo, osati zimene maso amaona kumwamba.

Tsiku lolinganali limafika pamene dzuwa likudutsa pa ikweta kulowera kumpoto. Kumaiko a kumpoto, kumene lamuloli linachokera, imeneyi ndi nthawi imene chisanu chimatha ndipo mitengo imaphukira, koma kuno ku Lilongwe mvula imakhala ikupita kumapeto ndipo mondokwa ali ponseponse m'misika. Kumwamba, dzuwa limadutsa pamenepa pa 20 Malichi zaka zambiri za masiku ano, koma mpingo unakhazikitsa 21 Malichi ndipo susintha. Msonkhano wa ku Nikeya wa m'chaka cha 325 unagamula kuti Akhristu onse azichita Pasaka tsiku limodzi, ndipo mawerengedwe amene anadzafala pambuyo pake anali a akatswiri a ku Alekizandiriya.

Mwezi wa m'mabuku umadalira mfundo imene akale anaizindikira, yakuti pakatha zaka 19 mwezi umakhala utaoneka ndi kufa maulendo 235, ndipo umabwerera pafupifupi pa masiku omwewo a pa kalendala. Choncho m'malo moyang'ana kumwamba, munthu amangofuna kudziwa malo amene chaka chili pa mzere wa zaka 19.

Tiyeni tiyese ndi chaka cha 2026. Tikagawa 2026 ndi 19, chotsala ndi 12. Chotsalachi timachichulukitsa ndi 19 n'kuwonjezerapo 24, zimene zimatipatsa 252, ndipo tikagawa 252 ndi 30 pamatsala 12. Masiku 12 amenewa timawawerenga kuchokera pa 21 Malichi, n'kufika pa 2 Epulo, limene ndilo tsiku la mwezi wathunthu wa mpingo. Popeza tsikuli ndi Lachinayi, Pasaka akugwa pa Lamulungu lotsatira, pa 5 Epulo. Nambala ya 24 ija si yamuyaya, pakuti imagwira ntchito kuyambira 1900 mpaka 2199 basi.

Ambiri amaphonya pamene mwezi wathunthu wagwa pa Lamulungu penipeni. Mu 2025 mawerengedwe omwewa anatipatsa 13 Epulo, limene linali Lamulungu, ndipo poti lamulo likunena za Lamulungu la pambuyo pake, Pasaka anadikira mlungu wathunthu mpaka pa 20 Epulo.

Chaka cha 2019 ndicho chinaonetsa poyera kusiyana kwa buku ndi thambo. Pa nthawi ya kuno ku Malawi, dzuwa linadutsa pa ikweta usiku wa pa 20 Malichi, kutangotsala mphindi ziwiri kuti tsiku lithe, ndipo mwezi unakhala wathunthu m'bandakucha wa Lachinayi pa 21 Malichi. Munthu wongotsatira zakumwamba akanaika Pasaka pa 24 Malichi mosakayika konse. Koma m'mabuku a mpingo mwezi wathunthu umenewo unagwa pa 20 Malichi, tsiku limodzi malire asanafike, motero sunawerengedwe, ndipo panafunika kudikira mwezi wotsatira.

Ngakhale masamu aja amafuna kusamala pa chaka chimenechi. Tikagawa 2019 ndi 19 pamatsala 5, ndipo tikatsata njira yomwe ija chotsala chomaliza ndi 29, chimene chingatifikitse pa 19 Epulo. Komabe mabuku salola mwezi wa Pasaka kupitirira pa 18 Epulo, choncho 29 akapezeka timachotsapo tsiku limodzi; chimodzimodzinso 28 akapezeka pamene chotsala choyamba chaposa 10. Tsiku la 18 Epulo linali Lachinayi, ndipo Pasaka anachitika pa 21 Epulo, milungu inayi pambuyo pa tsiku limene thambo likanasankha. Ine sindiona cholakwika pamenepa, chifukwa mphindi imene mwezi umadzaza imagwa pa masiku osiyana malinga ndi dziko limene munthu ali, pomwe buku limapereka tsiku limodzi kwa onse, ndipo limalipereka zaka zambiri lisanafike.

Malire awiriwa, 21 Malichi ndi 18 Epulo, ndiwo amachititsa kuti Pasaka asabwere pasanafike pa 22 Malichi kapena kupitirira pa 25 Epulo. Pa 22 Malichi anagwapo komaliza mu 1818 ndipo adzagwaponso mu 2285, pamene pa 25 Epulo adzagwapo mu 2038.