Ukadzisiyira Wekha Ntchito, Mlandu Watha?

"Abwana adandidula malipiro ndi theka osandifunsa, ndipo ndidalemba kalata yosiya ntchito. Anzanga akuti poti ndidachoka ndekha, palibe komwe ndingakadandaule. N'zoona?"

Ayi, anzanuwo akulakwitsa, ngakhale kuti ambiri akhala akukhulupirira zomwezo. Lamulo la ntchito la m'Malawi la chaka cha 2000, pa gawo 60, limalola wantchito kuchoka, ngakhale osapereka notisi, ngati khalidwe la wolemba ntchito lafika poti munthu sangayembekezeredwe kupitiriza. Pamaso pa lamulo, munthu wotereyu amatengedwa ngati wachotsedwa mopanda chilungamo, ndipo khoti loona za ntchito likhoza kulamula chipukutamisozi.

Koma umboni uli pa inu. Kulalatiridwa kamodzi nthawi zambiri sikukwanira. Kudulidwa malipiro popanda mgwirizano ndiye nkhani yolemera, chifukwa malipiro ndiwo mtima wa kontirakiti.

Pomwe ambiri amagwera ndi pa kalata. Munthu wapsa mtima, koma polemekeza abwana amalemba kuti, "Ndikusiya pa zifukwa za kunyumba, zikomo pondisunga bwino." Kalata imeneyo abwana adzaionetsa kukhoti, ndipo idzakutsutsani. Ngati yanu idatchula kudulidwa kwa malipiro ndi mwezi womwe kudayamba, muli pabwino.

China n'kuchedwa. Mukalandira theka lija miyezi yambiri muli chete, khoti likhoza kunena kuti mudavomereza. Sonkhanitsani mapepala a malipiro akale ndi atsopano, komanso kalata iliyonse yomwe mudadandaulira, mupite nazo ku ofesi ya leba ya m'boma lanu msanga, poti madandaulo oterewa ali ndi nthawi yake yoikika.