Kalata yosiyirana katundu pakati pa wosunga wotuluka ndi wolowa: mafunso ndi mayankho

Ndikusiya ntchito yosunga katundu kumapeto kwa mwezi uno. Popeza mabuku onse alipo, kodi kalata yosiyirana ndi yofunikanso?

Mabuku amanena zimene ziyenera kupezeka m'nyumba yosungiramo katundu, pamene kalatayi imanena zimene zapezekadi pa tsiku limene inu mwatula udindo, ndipo ziwirizi sizifanana nthawi zonse. Kalatayo ndiyo malire a udindo wanu. Chimene chinasowa kapena kuwonongeka tsikulo lisanafike chidzafunsidwa kwa inu, ndipo chimene chidzasowe pambuyo pake chidzafunsidwa kwa amene walowa m'malo mwanu. Malirewo akapanda kulembedwa, ofufuza mabuku akadzapeza kuti katundu waperewera patapita miyezi ingapo, palibe amene angasonyeze kuti anasowera m'manja mwa yani, ndipo wotuluka, amene sakhalaponso kuti adziyankhire, ndiye savuta kumuloza chala.

Kodi ndingangokopera ziwerengero za m'leja n'kuziika m'kalatamo?

Ayi, chifukwa kalata yotere imangobwereza zolakwika za m'mabuku n'kuzisainitsa kwa munthu watsopano. Ziwerengero za m'kalata ziyenera kuchokera pa kuwerenga katunduyo ndi manja, inu ndi wolowayo muli limodzi, pamaso pa mboni imene sigwira ntchito m'nyumbayo, monga munthu wa ku ofesi ya zachuma kapena woyang'anira wanu.

Musanayambe, gwirizanani tsiku ndi ola limene kulandira ndi kutulutsa katundu kuyime, ndipo mulembe m'kalatamo nambala ya chikalata chomaliza cholandirira katundu ndi ya chikalata chomaliza chotulutsira. Manambala awiriwa ndi amene amatseka pakamwa pa aliyense wofuna kudzalowetsa chikalata cha tsiku lakale pambuyo pake. Ngati pagwa zadzidzidzi moti chinthu china chiyenera kutuluka kuwerenga kuli mkati, chituluke ndi chikalata chake, ndipo nonse mudziwe ngati chachoka pa shelefu yowerengedwa kale kapena imene simunafikepo.

Powerenga, yambani ndi zimene zili pa shelefu, mulembe chiwerengero musanayang'ane pa khadi lolembapo zolowa, zotuluka ndi zotsala za chinthucho, chifukwa munthu amene waona kale kuti khadi likunena 60 amapeza 60 ngakhale pali 58. Mukatha, mubwerere m'leja mzere ndi mzere kuti muone ngati muli dzina la katundu amene simunakumane naye paliponse. Makatoni omata musangowakhulupirira onse; tsegulani angapo, makamaka amene amatidwanso kachiwiri kapena akupepuka. Mulu wa matumba muuyang'ane pakati, pakuti kuchulukitsa mizere ndi misanjiko kumapereka chiwerengero cholondola pokhapokha mkati mulibe mphako. Mafuta a m'migolo ayezedwe ndi ndodo yoyezera, ndipo zinthu zing'onozing'ono monga misomali ziyikidwe pa sikelo.

Pa chinthu chilichonse ndilembe zotani?

Mzere uliwonse ukhale ndi dzina lonse la chinthucho, nambala yake ya m'kaundula ngati ilipo, muyezo wowerengera, chiwerengero cha pa khadi, chiwerengero chopezeka, mmene chilili, ndi malo ake. Dzina likhale losiyanitsa: kulemba kuti "mapaipi 40" sikuthandiza ngati m'nyumbamo muli mapaipi a pulasitiki ndi achitsulo, a makulidwe osiyanasiyana. Muyezo ndi umene umabweretsa mikangano yambiri, chifukwa "mababu 12" ndi "makatoni 12 a mababu" ndi zinthu zotalikirana kwambiri. Choncho mulembe kuti makatoni 12, lililonse la mababu 50, ndi mababu ena 17 a m'katoni yotsegula. Zipangizo zamtengo wapatali monga jenereta, pampu kapena kompyuta zilembedwe chimodzichimodzi ndi nambala imene fakitale inadinda pa chipangizocho, kuti china chakale chisadzalowe m'malo mwa chatsopano chiwerengero chili chomwecho. Mndandanda ukakhala wautali, uyikidwe pa mapepala ophatikiza okhala ndi manambala, ndipo kalatayo inene kuti mapepalawo alipo angati.

Kodi sikokwanira kulemba kuti katundu "ali bwino"?

Mawu amenewo aliyense amawamva mwa njira yake. Ndi bwino kugwirizana magulu ochepa n'kuwagwiritsa ntchito m'kalata yonse: chatsopano, chogwiritsidwapo ntchito koma chogwira bwino, chofunika kukonzedwa, ndi chowonongekeratu chimene chikudikira chilolezo chochichotsa m'mabuku. Pa magulu awiri omalizawa muwonjezere vuto lenileni m'mawu ochepa, monga kuti wilibala yathyoka chogwirira kapena kuti pampu ikulira koma sikukoka madzi. Makina musawalembe kuti akugwira ntchito musanawayatse pamaso pa wolowayo. Ngati palibe njira yowayesera tsikulo, lembani poyera kuti sanayesedwe.

Katundu amene amatha mphamvu, monga mankhwala, zakudya ndi utoto, alembedwe pamodzi ndi nambala ya gulu limene anapangidwira ndi tsiku lothera mphamvu. Ngati chinthu chimodzi chili ndi masiku awiri osiyana, chikhale pa mizere iwiri, kuti wolowayo adziwe choyamba kutulutsa. Zowonongeka musazitaye pofuna kusiya nyumba yooneka bwino, chifukwa chinthu chikadali m'mabuku, kuchitaya popanda chilolezo kumachisandutsa chosowa.

Malo a katundu ndiwafotokoze motani?

Muwafotokoze mwakuti munthu amene sanalowemo n'kale lonse achipeze chinthucho popanda kukuimbirani foni: chipinda, mzere, shelefu ndi bokosi, monga "chipinda chachiwiri, mzere 3, shelefu yapamwamba". Ngati mashelefu alibe zizindikiro, zilembeni musanayambe kuwerenga. Chinthu chimene chili malo awiri chilembedwe ndi chiwerengero cha malo aliwonse, osaiwala zimene zili pabwalo, m'kontena kapena m'kabati yokhoma.

Nanga zimene tawerenga zikasiyana ndi za pa khadi, tilembe ziti?

Mulembe zonse ziwiri, ndi kusiyana kwake, ndi chifukwa chake ngati chapezeka. Tiyerekeze kuti khadi la simenti likusonyeza matumba 120, koma powerenga mwapeza 108. Choyamba ndi kuwerenganso, kenako n'kufufuza zikalata zonse kuchokera pa tsiku limene khadi ndi katundu zinagwirizana komaliza. Mwina mupeza chikalata chosainidwa bwino chotulutsira matumba 8 chimene sichinalowetsedwe pa khadi. Pamenepo matumba oyenera kupezeka ndi 112, ndipo osowa enieni ndi 4, osati 12. Poyang'anitsitsa mwaonanso kuti pa matumba 108 aja, 11 a pansi pa mulu anauma ndi chinyezi chifukwa anasanjidwa pansi penipeni popanda matabwa.

M'kalata mungalembe motere: "Simenti, matumba a makilogalamu 50, chipinda choyamba, mulu wa kumanzere. Pa khadi pali 120. Matumba 8 anatuluka ndi chikalata nambala 0457 chimene chinali chisanalowetsedwe pa khadi, ndipo chithunzi chake chaphatikizidwa. Oyenera kupezeka ndi 112, opezeka ndi 108, osowa ndi 4, ndipo chifukwa chake sichinadziwike. Pa opezekawo, 97 ndi abwino ndipo 11 ndi ouma, apatulidwa pambali."

Wolowayo akusainira matumba 108, abwino 97, osati 120. Chikalata choiwalikacho chilowetsedwe pa khadi ndi tsiku limene chapezeka, koma matumba 4 osowawo musawafafanize nokha, chifukwa kusintha mabuku pa katundu wosowa kumafuna chilolezo cha akuluakulu. Musafufutenso chiwerengero chakale. Cholakwika chidulidwe ndi mzere umodzi kuti chiziwerengekabe, ndipo wodulayo asaine pambali. Katundu wopitirira chiwerengero cha pa khadi alembedwe chimodzimodzi. Ambiri amaona ngati kupitirira ndi mwayi, koma nthawi zambiri kumasonyeza kuti pali katundu wolandiridwa amene sanalembedwe, kapena kuti mitundu iwiri yofanana inasokonezedwa potulutsa, ndipo zikatero mudzapeza mtundu winawo ukuperewera ndi chiwerengero chomwecho.

Kodi katundu amene sali m'nyumbamo tsikulo ayenera kulembedwanso?

Inde, ndipo apa ndi pamene makalata ambiri amaperewera. Pakhale gawo lapadera la zipangizo zobwerekedwa, lonena amene anatenga, tsiku limene anatenga ndi pamene anasaina. La zimene zili kokonzedwa. La zimene zinaitanitsidwa koma sizinafike kapena zinafika zosakwanira. Ndi la zimene zinabwezedwa kwa wogulitsa ndipo zikudikira kusinthidwa. Mulembenso katundu amene ali m'nyumbamo koma si wa bungwe lanu, monga wosungitsidwa ndi nthambi ina, kuti wolowayo asadzamutulutse ngati wake. Zimene munabwereketsa pakamwa chabe, yesetsani kuzibweza kapena kuzisainitsa musanachoke, chifukwa inu mukachoka wobwerekayo sakumbukira msanga.

Kupatula katundu, n'chiyani china chimene ndipereke, ndipo asaine ndani?

Makiyi alembedwe ndi chiwerengero chake, loko imene iliyonse imatsegula, ndi amene akusunga makiyi apadera. Mabuku a zikalata alembedwe ndi manambala a masamba osagwiritsidwa ntchito, pamodzi ndi zidindo, leja ndi makhadi. Ngati katundu amalembedwa pa kompyuta, musapereke mawu anu achinsinsi. Wolowayo atsegulidwe dzina lake ndipo lanu litsekedwe tsiku lomwelo. Pa khadi lililonse mudule mzere pansi pa cholembedwa chomaliza, muikepo tsiku. Wotuluka, wolowa ndi mboni asaine kalatayo ndi tsamba lililonse lophatikizidwa, ndipo pakhale makope atatu: la wotuluka, la wolowa ndi la ofesi. Makiyi aperekedwe mutatha kusaina, osati musanatero.

Ine ndine wolowa. Akundifulumizitsa kusaina tisanamalize kuwerenga, ndipo mnzangayo akuchoka mawa. Nditani?

Sainirani zokhazo zimene mwaona ndi maso. Pamwamba pa siginecha yanu lembani zipinda kapena mizere imene simunawerenge, mupemphe kuti mbali imeneyo ikhomedwe ndipo kiyi asunge woyang'anira mpaka tsiku lowerenga, limene lilembedwenso m'kalatamo. Ngati wotulukayo wachoka kale, wadwala kapena wamwalira, musatsegule nyumbayo nokha. Akuluakulu asankhe anthu osachepera awiri oti awerenge nanu, ndipo chikalata chimene iwo asaine ndicho chidzalowe m'malo mwa kalata yosiyirana. Mukadzapeza vuto lobisika mutasaina kale, monga katoni yomata imene mkati mwake muli zosakwanira, musaisunthe pamalo pake, itanani mboni, ndipo mulembere woyang'anira tsiku lomwelo, mukutchula mzere wa m'kalata umene katoniyo inalembedwapo.