Akafuna amokisilini popanda chikalata cha dokotala: uthenga kwa ogwira ntchito m'mafamasi

Mayi walowa m'famasi chakumadzulo, mwana wa zaka ziwiri ali kumbuyo. Akuti mwanayo wakhala akutsokomola masiku atatu, ndipo akufuna amokisilini wamadzi. Chikalata cha dokotala alibe. Mukawauza kuti mankhwalawa sagulitsidwa choncho, akuyankha kuti: "Achimwene, mwanayu ndimamudziwa ndine. Ulendo watha anachira ndi omwewa. Kuchipatala mzere ndi wautali, ndipo ndikafika akangondiuza kuti mankhwala atha, ndikagule."

Mayiwa sakunama, ndipo musawayankhe ngati akunama. Komabe amokisiliniyo musawagulitse. M'Malawi muno maantibayotiki monga amokisilini amaperekedwa pokhapokha wodwala atalemberedwa, ndipo bungwe loyang'anira mankhwala la PMRA, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2019, lili ndi mphamvu yolanga famasi yophwanya zimenezi. Koma mukangoti "lamulo silikulola" n'kutembenukira kwa kasitomala wina, mwatsata lamulo koma mwanayo mwamutaya. Mayiwa akagula makapisozi pagolosale kapena pamsika, n'kumamusungunulira pasupuni mongoyerekeza. Udindo wanu ndi woti atuluke akudziwa chochita.

Choncho pemphani kuti amumasule mwanayo mumuone. Funsani ngati akuyamwa kapena kumwa, ngati akusanza chilichonse chimene wadya, ngati anakomokapo, ndiponso ngati thupi likutentha. Mwanayo akakhala phee, osalira, mukwezeni malaya muwerenge kapumidwe kake kwa mphindi yathunthu. Mwana wa miyezi 2 mpaka 11 akamapuma ka 50 kapena kuposerapo pa mphindi, ndiye kuti akupuma mofulumira. Kwa wa chaka chimodzi mpaka asanakwane zaka 5, malire ake ndi ka 40. Onaninso ngati m'munsi mwa chifuwa mukulowa mkati akamakoka mpweya.

Tinene kuti mwawerenga ka 48. Kwa mwana wa zaka ziwiri chikhoza kukhala chibayo, ndipo apa m'pomwe mtima umati mungowapatsa botolo. Musatero. Mlingo wa amokisilini umatengera kulemera kwa mwana, ndipo ngati chibayocho chakula, mankhwala akumwa sangakwane: pamafunika jakisoni, mwinanso mpweya wa okosijeni. Thupi likamatentha pafunikanso kuyeza malungo. Auzeni mosabisa kuti apite kuchipatala lero lomwe, asadikire mawa, ndipo alembereni kapepala kosonyeza zimene mwaona kuti akaonetse akafika. Mwana wolefuka, wosamwa, wosanza chilichonse kapena wokomoka ndiye asachedwe n'komwe.

Mukapeza ka 30, mwana akuyamwa bwino, mamina ali chuchuchu, kawirikawiri chimenecho ndi chimfine. Chimfine chimayamba ndi mavairasi, ndipo amokisilini sawapha. N'kutheka kuti ulendo wathawo mwanayo anachira yekha, botolo n'kulandira ulemu. Apatseni panado pa mlingo woyenera ngati thupi latentha, alimbikitseni kumumwetsa zamadzimadzi pafupipafupi, ndipo atchulireni zizindikiro zoti akaziona athamangire kuchipatala. Afotokozereninso kuti amokisilini amatha kutsegula m'mimba, ndipo ana ena amatupa kapena kubanika nawo. Kumwa pafupipafupi popanda chifukwa kumapangitsa tizilombo kuwazolowera, mwakuti tsiku lomwe chibayo chenicheni chidzabwere akhoza kudzalephera kugwira ntchito. Vutoli si lakutali: madokotala a pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre akhala akupeza tizilombo m'magazi a odwala tomwe sitikumvanso mankhwala amene kale ankatipha.

Pali njira ina yomwe imaoneka ngati chifundo: kugulitsa makapisozi anayi kapena asanu "kuti angoyambako". Imeneyo ndiye yoipitsitsa, chifukwa matenda sachira bwinobwino, zizindikiro zimabisika, ndipo wodwala amafika kuchipatala mochedwa.

Nthawi zina chikalata chimakhalapo ndithu, koma chili m'buku la kuchipatala. Lipempheni muone. Ngati alembedwa lero kapena dzulo, dzina la mankhwala, mlingo ndi siginecha zikuoneka, perekani. Zolembedwa miyezi itatu yapitayo zinali za matenda a nthawi imeneyo. Pomwe mwakayika, imbirani foni amene analembayo.

Ena amakwiya, n'kunena kuti famasi yakutsogolo imagulitsa osafunsa. Mwina n'zoona. Musakweze mawu, ndipo musakambe za matenda awo pamaso pa anthu ena; aitanireni pambali. Eni famasi nawonso agwirizane ndi antchito awo onse pa yankho limodzi, chifukwa wothandizira pakauntala sangathe kukana ngati akudziwa kuti madzulo bwana adzamufunsa chifukwa chake ndalama zachepa.