Dzina salimasulira pafomu, tanthauzo lili ndi malo ake

Ndatopa nako kuona mafomu akubwezedwa chifukwa munthu walemba Grace pamene pasipoti yake ikuti Chisomo. Ntchito yanga ndi yomasulira zikalata ndi kuthandiza anthu kudzaza mafomu a sukulu, a ntchito ndi a maulendo, ndipo amene amalakwitsa chonchi nthawi zambiri ndi anthu ophunzira ndithu. Amaganiza kuti popeza fomu ili m'Chingerezi, dzinanso liyenera kulowa m'Chingerezi. Ayi. Pomwe palembedwa "Given name" kapena "First name" mukopere dzina lanu chilembo ndi chilembo monga lilili pa pasipoti kapena pa chiphaso cha unzika. Ngati pasipoti ikuti Mabvuto, monga ambiri amalembera ku Zambia ndiponso monga makolo athu ankalembera kale, musachotse b chifukwa choti masiku ano timalemba Mavuto. Ngati ikuti Mwai, musawonjeze y. Kompyuta ikakana ŵ ya Mwaŵi kapena kachizindikiro ka mu Ng'oma, yang'anani mizere iwiri ya m'munsi mwa tsamba la chithunzi chanu pa pasipoti, momwe mulibe zizindikiro zoterezi, ndipo mutsatire zimene zili pamenepo. Kalaliki wofananitsa zikalata sadziwa kuti Madalitso ndi Blessings ndi munthu mmodzi. Iye akuona anthu awiri, basi.

Koma chimene chandilembetsa lero ndi malo ena aja. Mafomu ena, makamaka a sukulu za mkaka, a pulayimale ndi a mipingo kunja kuno, amakhala ndi mzere wofunsa "Meaning of name", ndipo apa mpomwe makolo amalemba liwu limodzi mothamanga, osadziwa kuti akumusenzetsa mwana katundu.

Maina ena savuta. Chikondi ndi "Love", Mphatso ndi "Gift", Mtendere ndi "Peace", Chifundo ndi "Mercy". Amenewo lembani mupitirire. Vuto lili pa maina amene ali chiganizo chathunthu, chifukwa m'maina athu ambiri muli wina amene akulankhula ndi wina amene akuuzidwa. Thokozani sakutanthauza kuti mwanayo ndi woyamika. Ndi mawu a makolo kapena agogo opita kwa abale onse, kuti thokozani, mwana wabwera, ndiye Chingerezi chake ndi "Give thanks". Kondwani ndi "Rejoice", Limbani ndi "Be strong", Pilirani ndi "Endure". Pamene dzina layamba ndi Ta- kapena Ti-, olankhula ndi banja lenilenilo: Takondwa ndi "We are glad", Tadala ndi "We are blessed", Tiyamike ndi "Let us give praise". Mukadula Takondwa n'kulemba "Happy", mwalitulutsa banja lonse m'dzinamo. Alinafe musasiye Mulungu kunja, lembani "God is with us", chifukwa wowerenga sangadziwe kuti amene ali nafeyo ndani.

Mngerezi akamva tanthauzo la dzina, amaliika pa khalidwe la mwana. Kwathu dzina kawirikawiri limanena za nthawi imene mwanayo anabadwa, zimene zinali pakhomo, maliro amene anachitika, njala imene inalipo, mawu amene apongozi ananena. Kusiyana kumeneku ndiko kumapweteka ana otchedwa Mavuto, Masautso, Chisoni, Mayeso ndi Ndaziona.

Pali nkhani imene imandiwawa mpaka lero. Bambo wina ku Mangalande anakalembetsa mwana wake, Mavuto, kusukulu ya pulayimale. Mwanayu anabadwa kumudzi sabata yomwe agogo ake aakazi anamwalira, mayi ake ali odwalika, pakhomo palibe chakudya chokwanira. Dzina analipereka ndi agogo aamuna, ndipo aliyense kumudziko ankadziwa chifukwa chake. Pamzere wa tanthauzo bamboyo analemba liwu limodzi, "Trouble". Sananame, koma m'Chingerezi liwu limenelo ndi lomwe amanenera mwana wosamva, wovutitsa m'kalasi. Aphunzitsi, ndi mtima wabwino, anakonza chikwangwani cha maina a ana onse ndi matanthauzo ake n'kuchipachika pakhoma. Pansi pa chithunzi cha mwanayo panali liwu lija, m'zilembo zikuluzikulu zopaka utoto. Anzake anayamba kumuitana choncho pabwalo. Akagwetsa kapu, amaseka kuti dzina lagwira ntchito. Mwana anayamba kudandaula m'mimba m'mawa uliwonse kuti asapite kusukulu, ndipo makolo ankangoti ndi kuzizira kwa dziko lachilendo.

Bamboyo anabwera kwa ine patapita miyezi, teremu itatha kale. Ndinawafunsa kuti, "Bambo, amene anapereka dzinali ankati chiyani?" Atandifotokozera, tinalemba kalata yaifupi kusukulu yopempha kuti mzerewo ukonzedwe ukhale wotere: "Hardships. He was born at a hard time for our family, and the name remembers what we came through." Aphunzitsi anatsitsa chikwangwani tsiku lomwelo ndipo anapepesa, ngakhale kulakwa sikunali kwawo. Koma dzina lonyoza linali litamera kale pakati pa ana. Mnyamatayo lero safuna kuitanidwa Mavuto, ngakhale kunyumba, ndipo dzina limene agogo ake anamusiyira analitaya chifukwa cha liwu limodzi lolembedwa mothamanga.

Choncho dzina likakhala lolemera, musalembe liwu limodzi. Lembani liwulo, kenako chiganizo chimodzi chonena za nthawiyo, osati za mwanayo. Mayeso si "Exams", ngakhale ana asukulu amalemba mayeso. Ndi "Trials", mayesero amene banja linadutsamo. Ndaziona ndi mawu a mayi kapena gogo, "I have seen much suffering", ndipo muwonjezere kuti akulankhulayo ndi kholo. Chikumbutso ndi "Remembrance", ndipo ngati akukumbutsa malemu wina, mutha kunena kapena ayi, zili kwa inu. Mzere wa tanthauzo nthawi zambiri si wokakamiza. Ngati nkhani ya dzinalo ndi ya m'banja mokha, usiyeni wopanda kanthu. Ngati simukudziwa chifukwa chake mwana anatchedwa choncho, imbani foni kwa azakhali kapena amalume musanalembe, osangotola tanthauzo pa mndandanda wa maina wa pa intaneti, pomwe maina a Chichewa, Chitumbuka ndi Chiyao amangosakanizidwa.

Ndipo chonde musachedwe mukaona kuti zikalata zanu zasiyana maina. Ngati satifiketi ya MSCE ikuti Chisomo, kalata yokuitanani kusukulu ikuti Grace, lemberani sukuluyo lero kuti akonze musanapemphe viza, chifukwa viza imatsata pasipoti. Kwa obereka kunja nthawi ndi yochepa: ku Mangalande mwana amalembetsedwa pasanathe masiku 42, ku Joni pasanathe masiku 30, ndipo dzina limene mwalemba tsiku limenelo ndi lomwe lidzatsatire pa zikalata zonse. Werengani chilembo chilichonse musanasaine.

Madobadoba oima pazipata za maofesi adzakuuzani kuti angakonze dzina ndi inki yoyera kapena kukupezerani chidindo cha womasulira chonena kuti Chisomo ndi Grace. Musawapatse ndalama. Chidindo cha womasulira chimatsimikiza kumasulira kwa chikalata, sichisintha dzina la munthu, ndipo chikalata chofufutidwa chimakusandutsani wokayikiridwa kuti mwachita chinyengo. Njira yake ndi kubwerera ku ofesi imene inatulutsa chikalata cholakwikacho, mutatenga pasipoti kapena chiphaso cha unzika, ndipo akafuna umboni woti maina awiriwo ndi a munthu mmodzi, mukalumbire kalata pamaso pa loya kapena majisitireti.